KUDULA PULOTI KU NSUNGWI: MPANDA SUGAWA CHIKALATA

Pamene likulu la dziko lino limasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, dera la Eliya 25 linkaoneka ngati kutali zedi ndi tauni. Lero munthu woyenda m'tinjira tozungulira msika wa Nsungwi amaona nyumba zitatu kapena zinayi pabwalo pamene kale padali nyumba imodzi ndi kamunda ka chimanga. Eni malo ambiri adadula mapuloti awo nagulitsa. Koma kudula malo ndi mpanda ndi kwina, kuwadula m'kaundula wa boma ndi kwinanso, ndipo ndi apa pamene ogula ambiri amagwa chagada.

Tiyerekeze kuti bambo wina ali ndi puloti ya mamita 40 kumbali ya msewu ndi mamita 60 kulowa mkati, ndiye kuti masikweyamita 2,400. Malowo adawatenga pa lizi ya zaka 99 kuyambira 1990, ndipo tsopano akufuna kuwadula panayi.

Khomo loyamba kugogoda ndi la amene adamubwereka malowo, pakuti wa lizi ndi wobwereka chabe. Mumzinda muno mwini wake weniweni akhoza kukhala Unduna wa za Malo, Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe kapena bungwe la boma lomanga nyumba, ndipo dzina lake lili pachikalata cha lizicho. Ngongole ya lendi ya malo ndi msonkho wa khonsolo ziyenera kuyamba zalipidwa.

Kachiwiri apite ku komiti ya mapulani ya khonsolo. Lamulo la mapulani la 2016, limene lidalowa m'malo mwa la 1988, limati kudula malo kumafuna chilolezo monga momwe kumanga nyumba kumafunira. Akomiti amayang'ana ngati puloti iliyonse ili yokwanira nyumba ndi chimbudzi, ngati madzi a mvula ali ndi kolowera, komanso, chachikulu, ngati aliyense adzakhale ndi njira yake yotulukira kumsewu.

Njira imeneyi ndiyo imasokoneza masamu a bambo wathu. Iye ankawerengera mapuloti anayi a masikweyamita 600. Koma awiri akumbuyo alibe potulukira. Akomiti atati pakati padutse msewu wa mamita 6 m'lifupi ndi 30 m'litali, masikweyamita 180 apita. Mapuloti awiri akutsogolo atsala ndi mamita 17 okha kumbali ya msewu, ndiye kuti masikweyamita 510 iliyonse. Ngati adalandira kale ndalama za 600, mlandu wayamba nyumba isanamangidwe. Ambiri amathawa zimenezi posiya kanjira kongokwanira wilibala, ndipo tsiku la maliro kapena la moto ndi pamene anthu amazindikira kuti galimoto silingalowe.

Chilolezo chikatuluka m'pamene aitane saveya wovomerezeka, osati mmisiri wa tepi ndi zikhomo. Saveya amazika mabikoni pangodya zonse, najambula mapu a puloti iliyonse, ndipo mapuwo amakavomerezedwa ku ofesi ya mkulu wa masaveya a boma.

Nanga chikalata chija chimatani? Malinga ndi lamulo la kaundula wa malo la 1967, mlembi wa kaundula amatseka tsamba la puloti yakaleyo natsegula masamba atsopano, puloti iliyonse ndi nambala yake. Pokhapo m'pamene wogula angalembedwe dzina. Komabe masamba atsopanowa sabadwa oyera. Zonse zimene zidalembedwa patsamba lakale zimawatsatira. Ngati bambo uja adapereka malowo ngati chikole kubanki, chikolecho chikhala pa mapuloti onse anayi kufikira banki itamasula. Zaka nazonso sizibwerera pambuyo: lizi ya 1990 idzatha mu 2089, chomwecho wogula mu 2025 wagula zaka 64, pokhapokha mwini malo atalandira lizi yakaleyo napereka zatsopano.

Tsono taganizirani wogula amene wangogwira kalata yosainidwa pamaso pa amfumu a m'dera ndi mboni ziwiri. Kalatayo ndi umboni woti ndalama zidaperekedwa, ndipo sitikuinyoza. Koma m'kaundula puloti ikadali imodzi, m'dzina la wogulitsa. Wogulitsayo atalephera ngongole, banki ikhoza kugulitsa malo onse pamodzi ndi nyumba ya wogulayo. Atamwalira, wogula ayenera kudikira kuti papezeke woyendetsa chuma cha masiye wovomerezedwa ndi khoti, kenaka akapemphe kwa ana amene mwina sadavomereze n'komwe za kugulitsako.

Kuzindikira puloti yodulidwa moona sikovuta. Wogula afunse nambala ya puloti yakeyo, osati ya puloti yaikulu. Aone chilolezo cha komiti ndi mapu ovomerezeka. Apite pamalopo akaloze mabikoni ndi chala. Kenaka akalipire kafukufuku ku ofesi ya kaundula wa malo kuti aone dzina ndi ngongole zolembedwa patsambalo. Wogulitsa akati mapepala tidzakonza pambuyo, wogula naye asunge gawo lalikulu la ndalama kufikira nambala yatsopano itatuluka.