Kodi ndi 1 kapena 7? Kuwerenga funso la pachithunzi popanda kulota

Mwana wa mchemwali wanga ali Fomu 1, ndipo masamu akamukanika amajambula tsamba la kope n'kunditumizira pa WhatsApp. Tsiku lina usiku, magetsi atazima kwawo, anajambula akuwunikira ndi tochi. Pansi pa chithunzicho analemba kuti, "Amalume, ndithandizeni nambala 4." Funsolo linkaoneka chonchi: 3x + ? = 19. Pamene ndaika chizindikiro chofunsirapo panali kamzere kopendekeka kamene chala chonyowa chinadutsapo, inki n'kumwazika. Kakanatha kukhala 1, kakanathanso kukhala 7.

Apa m'pamene othandiza ambiri amagwera m'mbuna. Diso likakumana ndi nambala yosaoneka bwino, mutu umaikapo yake mwachangu, munthu osazindikira kuti wangolota. Akatero amasova bwinobwino, njira yonse yolondola, koma funso lake si limene aphunzitsi anapereka. Mwana amakalakwa m'kalasi atakhulupirira wamkulu, ndipo chimandipweteka n'chakuti amayamba kukayikira njira imene inali yabwino.

Njira imodzi yoyesera ndi kusova zonse ziwiri n'kuona imene ikutuluka bwino, pakuti mafunso oyambira kawirikawiri amakonzedwa kuti yankho likhale nambala yathunthu. Inandithandiza pa chizindikiro chophatikiza, chimene kamzere kake koimirira kanali kofufutika moti chinkafanana ndi chochotsera. Chikanakhala chochotsera, 3x ikanakhala 26 kapena 20, ndipo zonsezi sizigawika ndi 3 popanda yotsala. Koma pa nambala ija njirayi inandisiya panjira. Ikakhala 7, timachotsa 7 pa 19 kutsala 12, ndipo x ndi 4. Ikakhala 1, patsala 18, ndipo x ndi 6. Mayankho onse awiri ndi oyera. Choncho yankho kutuluka bwino si umboni woti mwawerenga bwino.

Umboni weniweni uli patsamba lomwelo. Munthu aliyense ali ndi kalembedwe kake, ndiye funani pamene dzanja lomwelo lalemba 1 ndi 7 mosakayikitsa. Malo abwino koposa ndi manambala a mafunso m'mphepete, chifukwa amatsatana: funso loyamba ndi 1 basi, ndipo lobwera pambuyo pa 6 ndi 7 ngakhale litalembedwa ngati papalasa nkhuku. Deti la pamwamba limathandizanso. Mphwanga uja 1 wake ndi kamtengo kongoima, pamene 7 wake ali ndi denga lalifupi lopindikira pansi. Nditabwerera pa banga lija ndinaona kamchira ka inki kumanzere, pamwamba penipeni. Kanaloza ku 7, komabe sindinakhutire.

Kukulitsa chithunzi ndi zala sikubweza zimene zinatayika. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, ndipo zoyamba kusowa ndi tinthu tating'ono: kadontho ka desimali, chizindikiro chochotsera, ka 2 kapamwamba kosiyanitsa cm ndi cm². Mukakulitsa mumangoona timabokosi tosamveka. Chofunika ndi chithunzi china. Mwana ajambule masana pakhonde, pamene pali kuwala koma dzuwa silikuwomba pepala, pakuti tochi kapena fulashi imanyezimiritsa pepala, makamaka lolembedwa ndi pensulo. Kope aligoneke pansi, foni ikhale pamwamba pake mowongoka, agunde pasikirini pamene pali funsolo kuti kamera ilunjike pamenepo, kenako atumize posankha HD kapena Document. Pemphani ziwiri: cha funso lokhalo chapafupi, ndi cha tsamba lonse, chifukwa malangizo a zoyenera kuchita nthawi zambiri amakhala pamwamba, ndipo ana amawadula pojambula.

Usiku umenewo kuwala kunalibe, ndiye ndinamupempha kuti anditumizire mawu. Kafunsidwe kake n'kofunika. Mukati, "Ndi 7 eti?" mwana waulemu amangoyankha kuti "Eya, amalume," osayang'ana n'komwe. Ine ndinati, "Tandiwerengera funso lonse mmene walembera." Anawerenga, ndipo inali 7.

Nthawi zina mwanayo naye sadziwa. Mwina anakopera pabolodi atakhala kumbuyo, choko chitafufutika, kapena pepala ndi fotokope ya fotokope ina ndipo 8 wadyeka mbali n'kusanduka 3. Zikatero chithunzi chabwino chimangoonetsa bwino cholakwika chomwecho. Afunse mnzake wa m'kalasi amene amakhala kutsogolo. Zikakanika, musamusankhire. Mulembereni poyera kuti, "Pamenepa sipakuoneka. Ngati ndi 7, x ndi 4, ngati ndi 1, x ndi 6," mumuonetse njira yake kamodzi, ndipo mumuuze kuti m'mawa akafunse aphunzitsi asanapereke kope.