Zaka zisanu m'ziganizo zinayi: kuyankha funso lakuti "munali kuti nthawi yonseyi?"

Mlamu wanga anabwera kwathu Loweruka lina madzulo, foni ili m'manja, nkhope ili yakugwa. Kampani ina ya ku Blantyre, kumene anafunsira ntchito ya ukalaliki wa za ndalama, inali itamutumizira imelo ya mafunso atatu. Awiri oyamba anali osavuta: akufuna malipiro a ndalama zingati, ndipo angayambe liti. Lachitatu ndi lomwe linamusowetsa tulo. Linkati afotokoze mwachidule chifukwa chake sivi yake sikusonyeza ntchito iliyonse kuyambira mu 2019 mpaka mu 2024.

Iye anali atayankha kale papepala, tsamba lathunthu ndi theka. Munali tsiku limene mayi ake anagwa ali kudimba ku Ntcheu, n'kufa ziwalo mbali imodzi. Munali masabata amene anagona pansi pasimenti m'chipatala ngati wodwazika matenda. Munali abale amene analonjeza thandizo koma osaonekanso, munali maliro, munali ngongole. Zonse zinali zoona, ndipo ndikuwerenga, misozi inalengeza m'maso, chifukwa mayiwo ndinkawadziwa. Komabe ndinamuuza kuti, "Alamu, izi musatumize."

Ndagwirapo ntchito yosefa makalata ofunsira ntchito, ndipo ndikudziwa mmene tebulo la munthu wotere limaonekera. Pamalo amodzi pamabwera makalata mulu, ndipo bwana akufuna mayina ochepa oti aitanidwe ku intaviyu pofika Lachisanu. Wosefayo akafunsa za zaka zimene simunali pantchito, sikuti akufuna kukuweruzani, komanso si kuti akufuna kumva mbiri ya moyo wanu. Ali ndi nkhawa zake. Akufuna kudziwa ngati palibe chimene mukubisa, monga kuchotsedwa ntchito pa nkhani ya ndalama. Akufuna kudziwa ngati ntchitoyo mukuikumbukirabe. Koma nkhawa yaikulu, imene ambiri oyankha saiona, ndi iyi: kodi chimene chinakuchotsani pantchito chija chinatha, kapena tikakulembani lero, pakatha miyezi itatu chidzakuitananinso?

Tsamba ndi theka la mlamu wanga linkayankha funso limene sanafunsidwe, lakuti anavutika bwanji. Pa funso lenileni panalibe mawu ngakhale amodzi. Munthu akanawerenga mpaka kumapeto osadziwa ngati wabwerera mtauni kapena akadali kumudzi.

Tinakhala pansi n'kuyambiranso. Ndinayamba ndi kumufunsa miyezi yeniyeni. Anasiya ntchito mu Malichi 2019. Mayi anamwalira mu Ogasiti 2023. Anabwerera ku Blantyre mu Januwale 2024. Kenaka ndinafunsa ngati pa zaka zonsezi anagwirako cholembera ndi buku la ndalama. Poyamba anati ayi. Titacheza pang'ono, zinatulukira kuti kwa zaka zitatu anali mlembi wa banki mkhonde ya amayi 25, ndipo ndiye ankalemba masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja, n'kuwerengera aliyense gawo lake pogawana mu Disembala. Iye sankaiona ngati ntchito chifukwa panalibe malipiro. Yankho limene tinatumiza, ngakhale linapita m'Chingerezi monga mmene funso linabwerera, linkanena izi:

"Ndinasiya ntchito mu Malichi 2019 kuti ndikasamalire kholo langa limene linkadwala. Udindowu unatha mu 2023, ndipo kuyambira mu Januwale 2024 ndikukhala ku Blantyre. Pa nthawiyi ndinali mlembi wa gulu la banki mkhonde la anthu 25 kwa zaka zitatu, ndipo chaka chino ndabwereza maphunziro a Excel ndi QuickBooks. Ndine wokonzeka kuyamba ntchito ya tsiku lonse nthawi iliyonse."

Mawu ake sakufika 60. Kuwerenga mokweza, sipatha theka la mphindi.

Taonani chiganizo choyamba. Chili ndi mwezi ndi chaka, ndipo chifukwa chatchulidwa kamodzi kokha, popanda dzina la matenda. Mwezi ndi chakacho ziyenera kufanana ndendende ndi zimene zili pa sivi, ndiponso ndi zimene abwana anu akale anganene akaimbiridwa foni. Apa ndi pamene ambiri amadzikola okha. Munthu amaona kuti zaka zisanu zachuluka, ndiye amakankhira tsiku losiyira ntchito kutsogolo, 2019 n'kukhala 2021. Wosefa wodziwa ntchito amangoimba foni imodzi ku ofesi yanu yakale, kapena kupempha satifiketi imene munalandira posiya ntchito. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limati wolemba ntchito azipereka satifiketi yotere ntchito ikatha ngati wantchito waipempha, ndipo imasonyeza kutalika kwa nthawi imene munagwira ndi udindo umene munali nawo. Zaka zikasiyana, nkhani sikhalanso ya mpata uja ayi, imasanduka ya bodza, ndipo pa ntchito yosunga ndalama zikatero basi zathera pomwepo. Ndinaonapo munthu wa mapepala abwino kwambiri akuchotsedwa pamndandanda chifukwa cha miyezi 14 imene anadziwonjezera. Akanangonena zoona, tikanamuitana.

Chiganizo chachiwiri ndicho mtima wa yankho lonse, ndipo ndicho tinalimbana nacho nthawi yaitali. Mlamu wanga ankafuna kulemba kuti mayi anamwalira. Palibe cholakwika kutero, ndipo amene akufuna angathe kunena. Koma mawu akuti "udindowu unatha" akukwanira, chifukwa akuuza wolemba ntchito chimene akufuna kudziwa popanda kumukakamiza kuti ayambe kupepesa maliro pa imelo. Kutchula kumene mukukhala tsopano n'kofunikanso: munthu amene wabwerera kale mtauni momwe muli ntchitoyo sakufunikanso nthawi yosamuka.

Nanga ngati udindowo sunathe? Ngati mwana amene munkalera akadali wamng'ono, kapena wodwalayo alipobe? Musanene kuti zinatha pamene zisanathe. Nenani dongosolo limene mwakonza: mwana anayamba sukulu, kapena pali wachibale amene tsopano akukhala ndi wodwalayo masiku onse. Chiganizo chimodzi chokha, ndipo chikhale choona, chifukwa mudzachikhala Lolemba lililonse mukadzayamba ntchito.

Pa chiganizo chachitatu chenjerani ndi kukometsera. Mlembi wa banki mkhonde ndi mlembi wa banki mkhonde, osati mkulu woyang'anira chuma. Amene ankagulitsa kaunjika pamsika anene kuti ankachita geni ya zovala, ndipo ngati angathe atchule zaka zake ndi chimene ankachita ndi manja ake, monga kuoda katundu ndi kulemba zolowa ndi zotuluka. Mayina akuluakulu a maudindo a kampani imene palibe anaimvapo amadzutsa mafunso ambiri kuposa mpata weniweniwo. Chimene chimagwira mtima wa wosefa ndi kanthu kakang'ono kooneka, kokhala ndi nambala, ndiponso kogwirizana ndi ntchito imene mukufuna. Ndipo ngati ntchito yanu ili ndi bungwe loiyang'anira, monga ICAM kwa akauntanti kapena khonsolo ya anamwino ndi azamba, fufuzani kaye ngati umembala kapena chiphaso chanu chili moyo musanayankhe. Ngati chinatha, kuyamba kuchikonzanso n'kunena kuti mwayamba ndi umboni wamphamvu kuposa mawu alionse akuti ndinu olimbikira.

Ndinamuuzanso mlamu wanga kuti asadziyese ngati palibe chimene chamudutsa. Kuyambira 2019 zambiri zasintha pa ntchito yake: magawo a msonkho wa pamalipiro asinthidwa kangapo, mafomu a msonkho tsopano amatumizidwa ku MRA kudzera pa Msonkho Online, ndipo kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Izi sizilowa m'yankho lalifupi lija, koma funso lotsatira limachokera pamenepa. Zikukhudzanso funso la malipiro: amene angatchule ndalama zimene ankalandira mu 2019 adzigulitsa motchipa kwambiri.

Pali zifukwa zina zolemera kuzitchula. Ngati munadwala ndinu, n'kokwanira kunena kuti munali ndi vuto la thanzi, munalandira chithandizo, ndipo tsopano mukutha kugwira ntchito. Dzina la matendawo ndi lanu. Lamulo la za ntchito lija limaletsa tsankho pa zifukwa monga ulumali, kukhala pabanja kapena ayi, ndi udindo wosamalira banja, ndipo lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha kachilomboka. Koma ndinene mosabisa kuti munthu akakusiyani pa kusefa, sakuuzani chifukwa, ndipo n'kovuta kupeza umboni. N'chifukwa chake ndi bwino kusapereka zambiri zimene sanakufunseni. Ngati kampani inachepetsa antchito, monga zinachitikira ambiri m'mahotela nthawi ya COVID-19 mu 2020, nenani choncho m'mawu ochepa. Ngati munachita kuchotsedwa, musanene kuti munasiya nokha, ndiponso musayambe kunena abwana akale. Wosefa sanamve mbali yawo, ndipo chimene amatolapo n'chakuti tsiku lina mudzanenanso iye.

Funso lomweli limabweranso pafoni, nthawi zina muli m'minibasi, kondakitala akukuwa. Palibe vuto kunena mwaulemu kuti muli pamsewu ndipo mukupempha kuti mulankhulane pakatha mphindi khumi. Mukayamba kuyankha, nenani ziganizo zanu zinayi zija, kenaka khalani chete. Apa ndi povuta. Winayo amakhala akulemba, ndiye pafoni pamangoti zii, ndipo mtima umakuuzani kuti simunakhutiritse, muwonjezere. Mukawonjezera, m'pamene abale osathandiza aja ndi ngongole zija zimatulukira. Tinayeserera ndi mlamu wanga katatu pakhonde, ine ndikukhala wa kukampani. Ulendo woyamba anafika mphindi zitatu, mawu akunjenjemera pamene anatchula Ntcheu. Wachiwiri anayamba ndi kupepesa kuti wakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, ndipo ndinamudula.

"Alamu, mukupepesa chiyani? Munalakwira ndani posamala mayi anu?"

Anakhala kaye chete, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ulendo wachitatu ananena ziganizo zinayi zija, mawu ali bwinobwino, n'kusiyira pomwepo. Imelo tinaitumiza usiku womwewo. Tsamba ndi theka lija sanalitaye: analipinda kanayi n'kuliika m'Baibulo la mayi ake.