Kusamutsa ndalama zotsatsira malonda pakati pa wailesi ndi Facebook

Ndalama zotsatsira malonda zimayamba ndi mphamvu, kenako n'kumafooka. Zoyamba zimapeza anthu amene anali kale ndi mtima wogula, pomwe zowonjezera zimangobwereza uthenga kwa anthu omwewo. Zili ngati feteleza: thumba lachinayi pamunda womwewo silichulukitsa chimanga ngati loyamba. Choncho pogawa bajeti, chofunika kudziwa ndi ndalama zimene zalowa kuti pagulitsidwe katundu mmodzi wowonjezera.

Mwachitsanzo, wogulitsa nyale za sola amapindula K8,000 pa nyale iliyonse asanachotsere zotsatsira. Pamwezi amalipira K400,000 kuwailesi n'kugulitsa nyale 100, ndi K200,000 ku Facebook n'kugulitsa 40. Akagawa ndalamazo ndi chiwerengero cha nyale, wailesi ikudya K4,000 pa nyale, Facebook K5,000. Wailesi ikuoneka yotchipa, ndipo apa m'pamene ambiri amapusitsika.

Mabuku ake akusonyeza kuti pamene ankalipira K300,000 kuwailesi ankagulitsa nyale 90. Ndiye kuti K100,000 yomaliza ija inangobweretsa nyale 10, iliyonse pa K10,000, ndalama yoposa phindu la nyaleyo. Pa nyale zimenezi akuluza. Atayesa kuika K100,000 yomweyo ku Facebook, malonda a kumeneko akwera kuchoka pa 40 kufika pa 56. Nyale 16 zowonjezerazi zadya K6,250 iliyonse. Zonse pamodzi zakwana 146 m'malo mwa 140, koma bajeti idakali K600,000.

Asatengeke n'kusamutsa zonse, chifukwa nayo Facebook imafooka. Akachotsanso K100,000 kuwailesi akhoza kutaya nyale 20, Facebook n'kungobweza 11. Poimira m'pamene mtengo wa nyale yowonjezera wayandikana mbali zonse ziwiri. Ukapitirira K8,000 konsekonse, ndalama yomalizayo ndi bwino kungoisunga.

Chovuta kwenikweni ndi kudziwa chimene chabweretsa kasitomala. Munthu akhoza kumva uthenga pawailesi, n'kudzadina chithunzi pa Facebook patapita sabata, ndipo Facebook imawerenga malondawo ngati ake. Zikatero, kudula wailesi kumagwetsanso malonda a Facebook pakapita nthawi. N'chifukwa chake choyang'ana ndi nyale zonse zogulitsidwa, osati lipoti la njira imodzi. Nyengo nayo imasokoneza: malonda amakwera okha kumapeto kwa mwezi ndiponso alimi akagulitsa mbewu, kotero kuyerekeza Juni ndi Febuluwale kulibe tanthauzo.

Njira yodalirika ndi kusintha ndalama pang'ono, m'dera limodzi, kwa mwezi wathunthu, dera lina lofanana nalo n'kulisiya momwe linalili. Bizinesi yogulitsa nyale zochepa imafunika nthawi yotalikirapo, pakuti kusiyana kwa nyale ziwiri kapena zitatu kukhoza kukhala kwamwayi chabe.