Mafunso Atatu Oyezera Kutchuka kwa Chiponde

Wopanga chiponde angathe kudziwa ngati dzina la malonda ake lafika m'makutu mwa anthu popanda kulipira akatswiri ofufuza. Kope, cholembera ndi ogula 100 apamsika n'zokwanira, bola mafunso atsatane bwino.

Funso loyamba lisatchule dzina lililonse: "Mukamva za chiponde cham'botolo, ndi mayina ati amene akubwera m'mutu?" Dzina loyamba kutuluka lilembedwe palokha, chifukwa ndilo lakhazikika. Kenako wofunsa awerenge mayina asanu, lake lili pakati, n'kufunsa amene munthuyo anawamvapo. Pomaliza afunse chimene anagula komaliza, poti chokonda chenicheni chimaonekera pa ndalama.

Anthu ena amangovomera pofuna kusangalatsa wofunsa. Mankhwala ake ndi kuikapo dzina limodzi lopeka. Tiyerekeze kuti anthu 40 akuti akudziwa dzina lenileni, koma 10 avomeranso lopekalo: odziwadi ali pafupi ndi 30.

Wofunsa asavale malaya a kampani, asaime pakhomo pa sitolo yake, ndipo azifunsa munthu wachisanu aliyense wodutsa. Pa anthu 100, zotsatira zimatha kuphonya ndi 10 mbali iliyonse, choncho kukwera kuchoka pa 30 kufika pa 34 pakatha miyezi itatu si umboni woti malonda atchuka.