Bulufeni wa agogo: bondo likapola, impso ndi chifu zili bwanji?

Nyengo yogalauza m'munda ikafika, madandaulo a okalamba pa chipatala amakhala amodzimodzi: msana, chiuno, mawondo, mapewa. Ambiri amafika atagula kale mankhwala pa golosale kapena pa famase, ndipo mayina ake amawadziwa bwino: bulufeni, indosidi, daikilofenaki, asipirini. Amawakonda pa chifukwa chomveka, chifukwa amagwiradi ntchito. Gogo amene m'mawa amalephera kudzuka pa mphasa, akamwa mibulu iwiri, pofika masana ali ndi khasu m'manja.

Mankhwala anayiwa ndi a banja limodzi, lomwe a zachipatala amalitcha NSAID, ndipo onse amagwira ntchito mwa njira imodzi. Thupi likavulala kapena mfundo ikatupa, limapanga timadzi totchedwa pulositagilandini, tomwe timachititsa kuti malowo atenthe, atupe ndi kuwawa. Mu 1971, katswiri wa ku Britain, John Vane, adapeza kuti asipirini ndi anzakewa amaletsa thupi kupanga timadzi timeneti, ndipo mu 1982 adalandira nawo mphoto ya Nobel. Vuto ndi lakuti timadzi tomweti tili ndi ntchito zina zabwino. M'chifu, timathandiza kupanga mamina okuta khoma kuti asidi wogaya chakudya asalidye. Mu impso, timatsegula mitsempha yolowetsa magazi. M'bulu sudziwa kuti waitanidwira bondo lokha. Umazimitsa timadziti paliponse pamene magazi afika.

Kwa mnyamata wa zaka 25 amene wabinya phazi pa mpira, zimenezi sizidetsa nkhawa kwenikweni. Kwa munthu wa zaka 70 nkhani ndi ina, ndipo kuti tione bwino, tiyerekeze za gogo mmodzi.

Agogowa ndi amayi a zaka 74, olemera makilogalamu 50. Mawondo onse awiri amawawa, makamaka akamadzuka kapena kutsika chitunda, chifukwa kachicherewecherewe kamene kamakuta mapeto a mafupa kadaperepeseka ndi zaka. Ali ndi BP, ndipo m'buku lawo la kuchipatala mudalembedwa mankhwala awiri: HCTZ, amene amachititsa munthu kukodza kwambiri, ndi enalapulilo. Mdzukulu wawo wawagulira daikilofenaki wa mamiligalamu 50, ndipo akumwa katatu pa tsiku. Masiku amene ululu wakula, amawonjezera bulufeni, poganiza kuti ndi mankhwala a mtundu wina.

Dokotala wosamala asanalembe kalikonse, amafuna kudziwa mphamvu ya impso zawo. Amayeza magazi kuti aone kuchuluka kwa kiriyatinini, zotsalira zomwe zimachokera m'minofu ndipo impso zimazitaya mu mkodzo. Tinene kuti zotsatira zabwera 90, nambala yomwe pa pepala la ku labu imaoneka yabwinobwino. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Gogo wowonda ali ndi minofu yochepa, choncho amapanga kiriyatinini wochepa, ndipo nambala imatha kuoneka yabwino impso zitafooka kale. N'chifukwa chake pali masamu akale omwe amaphatikiza zaka ndi sikelo. Pa 140 chotsanipo zaka za munthu, chulukitsani ndi makilogalamu ake, kenako ndi 1.04 ngati ali wamkazi kapena 1.23 ngati ali wamwamuna, ndipo gawani ndi nambala ya kiriyatinini ija. Kwa agogo athuwa yankho ndi 38. Ndiye kuti impso zawo zikusefa mamililita 38 okha pa mphindi. Mwamuna wa zaka 30 wolemera makilogalamu 70, wokhala ndi 90 yemweyo, amapeza 105. Pepala ndi lofanana, koma impso za agogo sizikufika ngakhale theka la mphamvu ya za mnyamatayo. Nambala ikatsika kufika pansi pa 30, mankhwala a banja limeneli saperekedwa n'komwe. Pa 38, pali chifukwa chokwanira chowakanira, makamaka tikaona zina zimene akumwa.

Ganizirani impso ngati sefa yomwe ili pakati pa paipi yolowetsa madzi ndi ina yotulutsa. Kuti madzi adutse pa sefayo, payenera kukhala mphamvu yokankha. HCTZ amachepetsa madzi m'thupi. Enalapulilo amamasula paipi yotulukira, ndiye mphamvu yokankha imatsika. Awiriwa pa okha ndi mankhwala abwino, ndipo thupi limadziwa kudziteteza: limapanga pulositagilandini wambiri kuti paipi yolowera itseguke kwambiri. Tsono daikilofenaki akabwera, amatseka chitetezo chomalizachi. Onjezani kutentha kwa mu Okutobala, gogo amene wakhala tsiku lonse m'munda atangomwa kapu imodzi ya madzi, kapena masiku awiri otsekula m'mimba, ndipo impso zikhoza kuima m'masiku ochepa.

Choopsa chake n'chakuti impso sizilira. Zizindikiro zimabwera mochedwa ndipo n'zosavuta kuzinyalanyaza: mkodzo kuchepa, mapazi kutupa, mseru, kufooka, kupuma movutika, kapena gogo kuyamba kusokonezeka mutu, pamene achibale amangoti ndi ukalamba. BP nayo imakwera, chifukwa mankhwalawa amasunga mchere ndi madzi m'thupi. Zimachitika kuti wa chipatala amene sakudziwa za daikilofenaki wa kunyumba amangowonjezera mankhwala a BP. Zikadziwika msanga, kusiya mankhwalawo ndi kubwezeretsa madzi m'thupi nthawi zambiri kumadzutsa impso. Zikachedwa, chotsala ndi makina osefa magazi, ndipo m'zipatala za boma kwathu kuno makinawa akhala akupezeka makamaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene malo sakwanira aliyense. Amene ali ndi shuga, vuto la mtima, kapena amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovira, yemwenso amadutsa mu impso, ali pa mzere womwewu.

Za chifu, pali zikhulupiriro ziwiri zofunika kuzithetsa. Choyamba ndi chakuti ukamwa mankhwalawa utadya nsima, basi watetezeka. Kudya kumachepetsadi chilungulira ndi mseru, koma chilonda chimabwera makamaka kudzera m'magazi, pamene chifu chasiya kupanga mamina ake oteteza. Chachiwiri ndi chakuti jakisoni ndi wabwino chifukwa sadutsa m'mimba. Okalamba ambiri amachita kuupempha jakisoni wa daikilofenaki, ndipo ena ogwira ntchito m'zipatala zolipira savuta kuupereka. Koma mankhwala akalowa m'magazi, kaya adzera pakamwa kaya pa thako, chifu ndi impso zimawalandira chimodzimodzi.

Kwa munthu wamkulu, chilonda cha m'mimba chimatha kukula popanda ululu uliwonse, mwa zina chifukwa mankhwala omwewo akubisa ululuwo. Chizindikiro choyamba chikhoza kukhala chimbudzi chakuda bii, chomata ndi chonunkha kwambiri, kapena masanzi a magazi, nthawi zina akuda ngati khofi. Ena amangotha magazi pang'onopang'ono: chizungulire akaimirira, zikhatho kuyera, mtima kugunda mofulumira. Mapiritsi owonjezera magazi nawonso amadetsa chimbudzi, koma gogo amene akumwa bulufeni akaona chakuda, asadikire kuti aone mawa. Ngoziyi imakula kwa amene adadwalapo zilonda za m'mimba, amene amamwa mowa, ndi amene akumwanso asipirini wamng'ono wa mtima uja wa mamiligalamu 75, puledinisoloni kapena wafarini. Kuphatikiza mankhwala awiri a banja limeneli, monga akuchitira agogo athu, sikuchepetsa ululu kuposa amodzi, kumangowonjezera ngozi. Ndipo ena mwa mapiritsi a mutu ogulitsidwa pa okala ali ndi asipirini m'kati, ngakhale dzina la pa kapaketi silinena.

Nanga agogowa athandizidwe bwanji? Pajatu ululu wawo si wongopeka, ndipo kuwauza kuti angopirira ndi kuwatumiza ku golosale komweko.

Poti vuto lili m'mawondo, poyambira pabwino ndi daikilofenaki wopaka. Bondo lili pafupi ndi khungu, ndiye mankhwala amafika pamene akufunika, pomwe gawo lolowa m'magazi ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi m'bulu. Amapakidwa katatu kapena kanayi pa tsiku, pa khungu lopanda bala. Pa chiuno, pomwe mfundo ili m'kati kwambiri, sathandiza kwenikweni. Kenako pali panado. Tisanamizane, pa nyamakazi ya mawondo panado alibe mphamvu ngati bulufeni, ndipo n'chifukwa chake okalamba amamunyoza. Komabe sagwira chifu, ndipo pa mlingo woyenera savutitsa impso. Munthu wamkulu wa thupi labwino amamwa mibulu iwiri ya mamiligalamu 500 mpaka kanayi pa tsiku. Kwa gogo wowonda ngati uyu, kapena womwa mowa, ndi bwino kusapitirira mibulu 6 pa tsiku, chifukwa wochuluka amawononga chiwindi.

Zomwe zimathandiza nthawi yaitali sizigulidwa ku famase. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ikalimba, bondo limapepukidwa. Gogo akhale pa mpando, awongole mwendo, augwire m'mwamba kwa masekondi asanu, autsitse, kakhumi mwendo uliwonse, m'mawa ndi madzulo. Phindu limaoneka pakatha masabata angapo, osati mawa. Ndodo igwiridwe ku dzanja la mbali yosawawa, zomwe ambiri amachita mosemphanitsa. Kampando kokhalira pophika kamapulumutsa mawondo ku kunjuta kwa tsiku ndi tsiku.

Izi sizikutanthauza kuti munthu aliyense wopitirira zaka 65 asayandikire bulufeni. Agogo aamuna a zaka 68 opanda BP, opanda mbiri ya zilonda, impso zili bwino, amene phewa lawatupa atasenza thumba la chimanga, akhoza kupatsidwa bulufeni wa mamiligalamu 400 kawiri kapena katatu pa tsiku kwa masiku asanu, pamodzi ndi omepurazo wa mamiligalamu 20 m'mawa uliwonse woteteza chifu. Omepurazoyo sateteza impso, choncho amwe madzi okwanira, ndipo akayamba kutsekula m'mimba kapena kusanza, asiye bulufeniyo tsiku lomwelo. Ngati pakufunika kupitiriza kwa masabata, kiriyatinini ndi BP ziyezedwenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Indosidi yekha, ngakhale ali wotchuka kumudzi, ine sindiona chifukwa chomupatsira wokalamba: kuwonjezera pa chifu ndi impso, amabweretsa chizungulire ndi kusokonezeka mutu kuposa anzake, ndipo gogo akagwa, fupa la m'chiuno silichedwa kuthyoka. Mankhwala atsopano monga selekokisibu amavutitsa chifu pang'ono, koma pa impso ndi chimodzimodzi, ndipo mnzake wotchedwa Vioxx adachotsedwa pa msika mu 2004 chifukwa chowonjezera matenda a mtima ndi sitiroko.

Palinso ululu wina umene suyenera kubisidwa ndi m'bulu uliwonse. Msana wowawa usiku munthu atagona, limodzi ndi kuwonda, kutuluka thukuta usiku, miyendo kuchita dzanzi kapena mkodzo kuvuta kutuluka, ukhoza kukhala TB ya msana kapena khansa yomwe yafika m'mafupa, monga ya pulositeti kwa abambo. Munthu wotere akufunika kujambulidwa. Pomuperekeza ku chipatala, mdzukulu atenge buku lija pamodzi ndi timapaketi tonse ta m'nyumba, ta ku golosale ndi ta kwa asing'anga tomwe, chifukwa m'bukumo mumangolembedwa zimene chipatala chidapereka.