Kusikana mapepala ndi foni: mungapange bwanji PDF yowerengeka?

Malonda ambiri a ntchito masiku ano amathera ndi mawu ofanana: tumizani kalata yofunsira ntchito, mbiri yanu ndi masatifiketi mu fayilo imodzi ya PDF. Kale zikatere munthu ankathamangira kumalo ochitira fotokope kukalipira kuti amusikanire tsamba lililonse. Lero foni yokhala ndi kamera yabwinoko imagwira ntchito yomweyo. Komabe ambiri amangojambula pepala lili pabedi, n'kutumiza chithunzi chopendekeka, chamthunzi, chala chachikulu chikuonekera pakona. Wolandira akalephera kuwerenga dzina kapena magiredi, kawirikawiri sakuimbirani kuti mutumizenso. Amangotsegula kalata ya wina.

Pulogalamu yosikanira imachita zinthu zitatu zimene kamera wamba sichita. Imafufuza m'mphepete mwa pepala n'kudula zonse zili kunja kwake, imawongola tsamba kuti likhale la makona anayi olunjika, kenako imayeretsa pepalalo n'kudetsa zilembo. Ikatero imasanja masamba onse mu fayilo imodzi ya PDF, mtundu wa fayilo umene kampani ya Adobe idatulutsa mu 1993, womwe umaoneka chimodzimodzi pa foni, pa kompyuta ngakhale ukasindikizidwa. Chimene pulogalamuyi singachite ndi kubwezeretsa chilembo chimene kamera sidachione bwino. Choncho ubwino wa sikani umadalira zimene mwachita musanadine batani.

Tiyeni titsate chitsanzo cha mayi wina amene akufunsira ntchito ya ukalaliki. Ali ndi masamba 5: kalata yosayinidwa, masamba awiri a mbiri yake, satifiketi ya MSCE yomatidwa pulasitiki, ndi fotokope ya chiphaso cha unzika yokhala ndi chidindo chotsimikizira. Tiyerekeze kuti olemba ntchito anena kuti fayilo isapitirire 2 MB.

Kuwala ndiye poyambira

Mayiyu asankhe nthawi ya masana, pafupi ndi zenera kapena pakhonde, pamthunzi powala bwino. Dzuwa lolunjika silabwino chifukwa limathobwa kamera ndipo limapanga mithunzi yakuda. Mdima nawo uli ndi vuto lake: kuwala kukachepa, kamera imatenga nthawi yotalikirapo kuti ijambule, ndipo kanthawi kameneko dzanja likangogwedezeka pang'ono, zilembo zimatuluka ngati zapakidwa. N'chifukwa chake sikani yausiku pa babu limodzi imaoneka bwino pa foni koma ikakulitsidwa siwerengeka.

Kuwala kuzichokera m'mbali, osati kumbuyo kwa wojambula. Babu likakhala pamwamba pa mutu wanu, mthunzi wa foni ndi wa dzanja umagwera pakati penipeni pa tsamba. Fulashi muizimitse. Pa pepala wamba imapanga bwalo lowala pakati, m'makona n'kukhala mwakuda, ndipo pa satifiketi yomatidwa pulasitiki imasiya banga loyera limene limafafaniza mawu onse ali pamenepo. Ngakhale popanda fulashi, pulasitiki imanyezimira. Mayiyu ayang'ane pa sikirini asanajambule, ndipo akaona zenera likuoneka pa satifiketi, aitembenuze kapena asunthe tebulo mpaka kunyezimirako kutachoka.

Poika pepala pakhale posalala ndiponso pakuda kusiyana ndi pepalalo. Pulogalamu imazindikira m'mphepete poona pamene choyera chathera ndi pamene chakuda chayambira, ndiye pepala loyera pa nsalu yoyera limaisokoneza, n'kudula mzere womaliza kapena siginecha. Chitenje cha maluwa nachonso chimaisokoneza. Tebulo lathabwa kapena nsalu yakuda yopanda maluwa ndi yokwanira. Pepala lopindika muliwongole polipanikiza m'buku lolemera, ndipo galasi la kamera mulipukute ndi kansalu kofewa, chifukwa mafuta a m'zala amachititsa chithunzi kuoneka ngati chili mu nkhungu.

Tsamba lidzaze sikirini

Anthu ambiri amajambulira patali, pepala n'kukhala kachigawo chabe ka chithunzi. Masamu ake ndi osavuta. Kamera ya mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Pepala la A4 ndi lalitali mamilimita 297, omwe ndi mainchi pafupifupi 11.7. Tsamba likadzaza chithunzi chonse, inchi iliyonse imalandira timadontho pafupifupi 340, kuposa 300 amene makina osikanira a mu ofesi amagwiritsa ntchito pa zikalata. Koma tsamba likangotenga theka la kutalika kwa chithunzi, timadonthoto timatsika kufika pafupifupi 170, ndipo manambala ang'onoang'ono a pa satifiketi amayamba kusokonekera, 3 kufanana ndi 8.

Choncho yandikirani mpaka tsamba litadzaza sikirini, n'kusiya kampata kochepa m'mbali zonse kuti makona anayi aoneke. Musakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, chifukwa pa mafoni ambiri kutero n'kungodula chithunzi n'kuchitambasula. Foni ikhale chafufumimba pamwamba pa pepala, osapendekeka. Ikapendekeka, mbali yapafupi imaoneka yaikulu ndipo yakutali imachepa. Pulogalamu imawongola ndithu, koma imachita kukoka mbali yakutaliyo, ndipo zilembo za kumeneko zimazimiririka. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira patebulo kapena pathupi.

Amene akusikana chiphaso chenichenicho, osati fotokope yake, akumbukire kuti kamera siona bwino chinthu chimene yachiyandikira kwambiri. Abwerere m'mbuyo pang'ono mpaka zilembo zitaoneka zakuthwa, ndipo ajambule mbali zonse ziwiri.

Mabatani ake

Mafoni ambiri a Android amabwera ndi Google Drive. Mukaitsegula, dinani chizindikiro cha kamera, kapena + kenako Scan. Pulogalamu ikazindikira pepala imajambula yokha, apo ayi mumadina batani nokha. Musasunge tsamba loyamba palokha: onjezani lachiwiri, lachitatu, mpaka lomaliza, kuti onse alowe mu fayilo imodzi. Mukamaliza dinani Done, lembani dzina la fayilo, onetsetsani kuti mwasankha PDF, kenako Save. Fayiloyo imakasungidwa mu akaunti yanu ya Google, choncho pamafunika intaneti kuti ikwere. Pa iPhone, njira yake ili mu Notes kapena mu Files, pa mawu akuti Scan Documents. Palinso mapulogalamu ena monga Adobe Scan ndi CamScanner, ngakhale ena aulere amasiya dzina lawo pansi pa tsamba lililonse, zomwe sizioneka bwino pa kalata yofunsira ntchito.

Mayi uja ajambule masamba ake motsatira m'mene akufunira kuti awerengedwe: kalata, mbiri, satifiketi, chiphaso. Pa tsamba lililonse aone timadontho ta m'makona timene pulogalamu yaika, ndipo ngati tadula mbali ya pepala, atikokere pamalo pake.

Kusankha mtundu

Apa m'pamene zikalata zambiri zimaonongekera. Mapulogalamuwa amapereka mitundu monga Color, Grayscale ndi Black & White, ngakhale mayina amasiyana pang'ono. Black & White imakankhira kadontho kalikonse ku mbali imodzi, kuyera kapena kuda, popanda zapakati. Pa tsamba lotayipa zimenezi n'zabwino kwambiri: zilembo zimaoneka zakuthwa ndipo fayilo imachepa. Koma chidindo cha inki yotuwa chimatha kuzimiririka, siginecha ya bolopeni yosakanikiza imaduka-duka, ndipo nkhope ya pa chiphaso imasanduka banga lakuda.

Kwa mayiyu, masamba awiri a mbiri akhoza kukhala a Black & White. Kalata yosayinidwa ikhale ya Grayscale, yomwe imasunga kutuwa konse kwa inki. Satifiketi ndi fotokope ya chidindo zikhale za Color, kuti wolandira aone kuti chidindocho n'cha inki yeniyeni. Dziwaninso kuti kusikana sikutsimikizira chikalata. Akafuna makope otsimikizidwa, fotokope iyambe yadindidwa ndi wovomerezeka kutero, ndipo yodindidwayo ndi imene muisikane.

Kuyesa musanatumize

Tsegulani PDF yomwe mwasunga, osati chithunzi cha mu pulogalamu, ndipo kulitsani mawu ang'onoang'ono kwambiri a pa tsamba lililonse, monga nambala ya satifiketi kapena tsiku la pa chidindo. Yang'anani makona onse anayi, chifukwa pakati pakhoza kukhala pabwino koma pansi posaoneka. Maonekedwe a vuto amakuuzani gwero lake. Zilembo zikaoneka ziwiriziwiri, dzanja linagwedezeka. Tsamba lonse likakhala lachimbuuzi, galasi ndi lakuda kapena munayandikira mopitirira. Mbali imodzi yokha ikazimiririka, foni inapendekeka. Chigawo china chikada, ndi mthunzi. Mankhwala a zonsezi ndi kujambulanso tsamba limenelo, osati kulimbana nalo ndi mabatani okongoletsera.

Kenako onani kukula kwa fayilo. Malire a 2 MB ndi pafupifupi 2,000 KB, kutanthauza 400 KB pa tsamba lililonse mwa masamba 5 aja. Masamba amitundu ndi amene amadya malo ambiri, ndiye fayilo ikapitirira malire, yambani ndi kusintha masamba a mawu okhaokha kukhala Black & White. Ikakanabe, gwiritsani ntchito njira yochepetsera kukula ngati pulogalamu yanu ili nayo, n'kuyesanso mawu ang'onoang'ono aja, chifukwa kufinya fayilo kumadya zilembo zazing'ono poyamba. Masamba a pa intaneti ochepetsera PDF alipo, koma kumbukirani kuti mukatero mwapereka chiphaso chanu ku kompyuta ya anthu osawadziwa.

Fayilo ipatsidwe dzina lomveka, lokhala ndi dzina lanu ndi ntchito imene mukufunsira, m'malo mwa manambala amene foni imaika yokha. Potumiza pa imelo, imangirireni fayilo yeniyeniyo, osati ulalo wa Google Drive umene wolandira angakanizidwe kutsegula. Pa WhatsApp sankhani Document, chifukwa zithunzi zotumizidwa mwa njira wamba zimafinyidwa, pamene fayilo yotumizidwa ngati chikalata imafika m'mene ilili.

Chomaliza ndi chitetezo. Sikani yabwino ya chiphaso cha unzika ndi masatifiketi ndi yokwanira kuti munthu wachinyengo adzinamizire kukhala inu. Foni yosunga zikalata zotere ikhale ndi nambala yachinsinsi, ndipo mukasikanira pa foni yobwereka, fufutani fayiloyo mukangoitumiza, kuphatikizapo kope lotsala mu macheza a WhatsApp. Mapepala enieniwo asungeni pouma, chifukwa tsiku la mayeso a ntchito adzakufunsani satifiketi yeniyeni.