Khoswe Akafera m'Thanki ya Madzi

Nthawi zambiri chimayamba ndi fungo. Madzi a pampopi amanunkha ngati china chake chaola, kenako pamatuluka timaubweya kapena kanthenga. Wina akakwera kukasuzumira m'thanki amapeza khoswe wafufuma, mwina buluzi, mleme kapena mbalame. Ambiri amangovuula chakufacho, n'kuthiramo Jiki pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo. Madziwo amamveka fungo la mankhwala, anthu mitima n'kukhala pansi, koma thankiyo imakhala isanayere.

Vuto lagona pa mmene klorini amagwirira ntchito. Iye sasankha. Akalowa m'madzi amayamba kulimbana ndi chilichonse chimene wakumana nacho: matope a pansi, ndere za m'mbali, mafuta ndi zotsalira za nyama yoolayo. Mphamvu yake imathera m'zinthu zimenezi, ndipo tizilombo tobisala mkati mwa matope timatsala tamoyo. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ndi yotsuka, klorini amabwera pambuyo. Palinso tizilombo tina totsegula m'mimba, monga kriputosiporidiyamu, tomwe klorini satipha msanga. Timeneti timachoka ndi bulashi ndi madzi otsukuluzira.

Tiyerekeze kuti ndi thanki yapulasitiki ya malita 2,000, ya pansanja kuseri kwa nyumba. Choyamba aliyense pakhomo asiye kumwa madziwo, kuphikira ngakhale kutsukira mkamwa. Tsekani paipi yolowetsa madzi ndi yopita m'nyumba. Valani magolovesi, vuulani nyamayo ndi ndowa kapena sefa womangirira kumtengo, mukaikwirire kutali ndi chitsime. Kenako khuthulani madzi onse. Kutaya madzi ochuluka chonchi kumawawa, makamaka m'madera momwe mipopi imauma masiku angapo, koma apa palibe kuchitira mwina.

Paipi yotulutsa madzi imakhala pamwamba pang'ono pa pansi pa thanki, choncho matope amatsalira. Atungeni ndi kandowa, kapena mutsitse thankiyo n'kuigoneka chammbali ngati zingatheke. Kwechani makoma, pansi ndi chivundikiro ndi bulashi yolimba ya mpini wautali komanso sopo wa ufa, madzi otentha akakhalapo ndi bwino kwambiri. Tsukuluzani mpaka thovu litatheratu. Musalowe m'thanki muli nokha, makamaka ikakhala ya pansi pa nthaka, ndipo musalowemo konse mankhwala atathiridwa kale. Mpweya wa klorini ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umakhazikika pansi, ndipo m'malo otsekeka umabanikitsa munthu mofulumira.

Tsopano muyezo. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pa ntchito imeneyi ndi akuti muthire magalamu 80 a klorini waufa, uja amalembedwa kuti HTH, pa malita 1,000 alionse, ndipo akhalemo maola 24. Muwerengere kukula kwa thanki yonse, osati madzi amene alimo panthawiyo. Thanki yathu ya malita 2,000 ikufuna magalamu 160. Kuyeza pasikelo ndiye kwabwino. Popanda sikelo, supuni yaikulu imodzi imatenga pafupifupi magalamu 15, ndiye kuti masupuni 11. Ngati simungadikire tsiku lathunthu, wirikizani muyezowo kawiri, magalamu 320, ndipo maola 8 akwanira.

Mabanja ambiri alibe HTH, chimene chimapezeka m'golosale ndi Jiki. Jiki amagwira ntchito, koma ndi wosungunula kwambiri. Pabotolo pamalembedwa 3.5%, pamene HTH amakhala ndi klorini pakati pa 65% ndi 70%. Kuti mufike pa mphamvu yofananayo, yomwe ndi pafupifupi mamiligalamu 50 pa lita, mufunika lita imodzi ndi theka ya Jiki pa malita 1,000. Thanki yathu ifuna malita atatu. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya, chifukwa amathira kapu imodzi m'thanki yonse, kapena amatenga botolo la WaterGuard, lomwe muyezo wake ndi wa ndowa ya madzi akumwa, osati wotsukira thanki. Gulani Jiki wamba, osati wonunkhira maluwa kapena mandimu, chifukwa zonunkhiritsazo sizoyenera kulowa m'madzi akumwa. Botolo limene lakhalitsa padzuwa, kapena HTH wa m'chitini chosatseka amene wagwirana miyala, amakhala atasukuluka.

Thankiyo ikakhala yomanga ndi njerwa, yezani mkati mwake m'mamita n'kuchulukitsa mulitali, mulifupi ndi kuya. Ya mamita 2 mulitali, 1.5 mulifupi ndi 1 kuya imapereka 3, kutanthauza malita 3,000.

Thirani madzi oyera m'thanki mpaka gawo limodzi la magawo anayi. Sungunulani ufawo m'ndowa yapulasitiki, muli panja ndipo mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu. Ufa ndi umene umapita m'madzi, osati madzi pa ufa. Musausakanize ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi, viniga kapena chilichonse cha asidi, chifukwa pamatuluka mpweya wakupha. Thirani m'thanki, kenako dzazani mpaka pakamwa. Madzi olowawo ndi amene amatakasa mankhwala, ndipo kudzaza kumathandiza kuti klorini afike kumtunda kwa makoma.

Mapaipi a m'nyumba nawonso anadutsa madzi a khoswe uja. Tsegulani paipi yopita m'nyumba, kenako mpopi uliwonse, umodzi umodzi, mpaka mutamva fungo la klorini, n'kutseka. Bwezeretsani madzi amene atsika m'thanki, vundikirani, ndipo mumange nsalu pamipopi kuti ana asatungepo.

Maola 24 akatha, nunkhizani. Fungo la klorini liyenera kukhala likadali lamphamvu. Ngati lazimiririka, ndiye kuti m'thanki munatsala uve umene wadya mankhwala, ndipo muyenera kutsukanso n'kubwereza zonse. Ngati lilipo, khuthulani madziwo, koma samalani kotayira. Amapha nsomba ndi achule, amawaula ndiwo zam'dimba, ndipo akalowa ambiri m'dzenje la zonyansa za m'nyumba amapha tizilombo timene timaoletsa zonyansazo. Atayeni pang'onopang'ono pabwalo louma lopanda mbewu, kutali ndi mtsinje kapena damu la nsomba. Thanki ikakhala yachitsulo, musapitirize maola amenewa, popeza klorini wamphamvu amachititsa dzimbiri.

Dzazaninso ndi madzi oyera, mutsegule mipopi yonse kuti itsukuluzike, ndipo mudikire mphindi 30. Amene ali ndi kachipangizo koyezera klorini, kaja kothiramo piritsi la DPD madzi n'kusanduka ofiirira, aone kuti muyezo uli pa mamiligalamu 0.5 pa lita kapena kutsikirapo. Ukapitirira, akhuthule n'kudzazanso. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu angakuthandizeni kuyeza. Popanda kachipangizoka, fungo likhale lapatalipatali, longa la madzi a pampopi wa m'tauni. Kumbukirani kuti mwayeretsa thanki, osati gwero la madzi. Ngati mumapopa pachitsime chosatetezedwa, madzi akumwa muziwawiritsabe kapena kuthira WaterGuard m'ndowa. Wina pakhomo akayamba kutsegula m'mimba, kusanza kapena kutentha thupi atamwa madzi aja, apite kuchipatala ndipo akanene zimene zinapezeka m'thanki.

Musanatsike pansanja, fufuzani polowera. Kawirikawiri chimakhala chivundikiro chong'aluka kapena chimene chinauluka ndi mphepo, paipi yotayira madzi osefukira imene ili pululu, kapena mpata pamene paipi yolowetsa madzi yaboola thanki. Mangani sefa wa waya, wonga wotchingira udzudzu pazenera, kukamwa kwa paipi yotayirayo, matani mipata, mangirirani chivundikiro ndi waya, ndipo dulani nthambi zimene zakhudza thanki, poti makoswe ndi abuluzi amayenda pamenepo.